Imitsani kaye, mukambirana pambuyo: makaloselo oikiratu pa nthawi ya maliro a dziko

Lolemba pa 10 Juni 2024 m'mawa, ndege ya asilikali imene inanyamula wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Saulos Chilima, ndi anthu ena asanu ndi atatu inanyamuka ku Lilongwe kupita ku Mzuzu, ndipo siinafike. Inapezeka mawa lake m'nkhalango ya Chikangawa, onse atamwalira, ndipo boma linalengeza masiku 21 olira maliro. Sabata yomweyo inali yokonzekera tsiku la abambo, limene linagwa Lamlungu pa 16 Juni, tsiku lomwe mwambo wa boma wa maliro unachitikira pa bwalo la Bingu ku Lilongwe. Amene amagwira ntchito yoyendetsa mapeji a malonda akudziwa tanthauzo la zimenezi. Zoti zituluke sabata imeneyo zinali zitajambulidwa kale, bwana atavomereza kale, zili pa mzere mu pulogalamu kudikira ola lake. Pulogalamu siimva wailesi. Ikauzidwa kuti Lachiwiri 12 koloko masana itulutse zithunzi za bambo akuseka atanyamula mphatso, imatulutsa, ngakhale ola limenelo dziko lonse lili khutu ku nyumba ya boma.

Maganizo anga ndi akuti pakagwa zoterezi, kuimitsa zonse zimene zili pa mzere kusamadikire chilolezo cha wina aliyense. Chimene chiyenera kudikira chilolezo ndi kuyambiranso. M'maofesi ambiri zili mozondoka: wachinyamata woyendetsa peji amaopa kukhudza ndandanda imene bwana anasainira, ndiye amatumiza uthenga pa WhatsApp kufunsa, bwana ali pa msonkhano kapena pa msewu, ndipo pomwe yankho likubwera positi yatuluka kale. Taonani kusiyana kwa mtengo wa zolakwa ziwirizi. Mukaimitsa popanda chifukwa chenicheni, mwataya maola ochepa, ndipo positi ituluka mawa ili yomweyo. Mukalekerera ituluke pa nthawi yolakwika, anthu aijambula pa foni m'mphindi zochepa, ndipo chithunzicho chizungulira m'magulu ngakhale mutafufuta choyambacho. Mu Julaye 2012, patangopita maola ochepa munthu atawombera ndi kupha anthu 12 m'nyumba ya kanema ku Aurora, ku Amereka, tsamba la magazini ina ya bungwe la eni mfuti linatulutsa moni wansangala wopita kwa owombera. Uthengawo unachotsedwa, koma mpaka lero umatchulidwabe pophunzitsa ntchito imeneyi.

Kaloselo, positi ya zithunzi zingapo imene munthu amaiswaipa kuti aone chotsatira, ndi yovuta kuposa positi wamba, ndipo ndi pano pamene ambiri amadzinamiza. Mawu ake ambiri sakhala mu kapushoni. Amakhala atadindidwa pa zithunzi zenizenizo. Kapushoni mutha kuisintha ndi chala chimodzi muli mu minibasi, koma mawu a pa silaidi yachinayi amafuna fayilo yoyambirira, munthu amene anaijambula, ndi kutsitsanso zithunzi zatsopano. Ndiye zimene zimachitika n'zakuti wina amatsegula positi, kuika chiganizo cha chipepeso pamwamba pa kapushoni, n'kuona ngati wakonza. Pansi pa chipepesocho pali silaidi yofiira yolembedwa kuti chisangalalo chafika. Zimenezi n'zoipa kuposa kusasintha kalikonse, chifukwa tsopano owerenga aona kuti mumadziwa za malirowo koma munasankha kupitiriza.

Palinso china chimene ambiri sachiganizira. Instagram ikaona kuti munthu sanaswaipe kaloselo, nthawi zambiri imamuonetsanso positi yomweyo kuyambira pa silaidi yachiwiri. Pa malonda olipira a Meta, kampani ya Facebook ndi Instagram, palinso chosankha choti makhadi amene akukopa anthu kwambiri azibwera patsogolo. Kutanthauza kuti simungadalire silaidi yoyamba kuti ifotokozere zinazo. Iliyonse iyenera kuwerengedwa payokha, ngati kuti ndi yokhayo imene munthu wolira aione. Mu Juni 2024 kaloselo ya pa Instagram inkalola zithunzi 10. Mu Ogasiti chaka chomwecho malire anakwera kufika pa 20. Zithunzi zikachuluka, malo obisala mawu oipa amachulukanso.

Ola loyamba likhale la kuimitsa basi, osati kulemba. Yambani ndi malonda olipira, chifukwa ndiwo akufika kwa anthu ambiri pa mphindi iliyonse, kuphatikiza amene satsatira n'komwe peji yanu. Mu Ads Manager zimitsani pa mlingo wa kampeni, osati kulonda malonda amodziamodzi, ndipo muonenso mapositi amene wina anangodina Boost pa foni, chifukwa awa ndiwo amaiwalika. Kuimitsa ndandanda sikuimitsa malonda olipira. Ndi zitseko ziwiri zosiyana. Kenako pitani ku zoikiratu. Mu Buffer, pulogalamu yoikiratu mapositi, muli Pause Queue, koma imagwira pa akaunti iliyonse payokha, choncho ngati muli ndi Facebook, Instagram ndi LinkedIn muonetsetse kuti zonse zitatu zaima. Mu Meta Business Suite tsegulani Planner kapena mndandanda wa Scheduled, ndipo zimene zili m'masiku atatu akubwerawa muzibwezere ku Drafts. Musazifufute, ndipo musangozikankhira mawa, chifukwa mawa mudzakhala otanganidwa ndipo zidzatuluka zokha. Pomaliza funsani aliyense amene ali ndi kiyi wa akaunti ngati anaikiratu kanthu kuchokera mu apu ya Instagram pa foni yake. Apuyo imalola kuikiratu mpaka masiku 75 kutsogolo, ndipo zimenezo siziwoneka mu Buffer.

Zikatha izi, otsala ndi anthu: wotchuka amene munamulipira kuti atulutse kaloselo yanu pa peji yake Lachitatu, nthambi ya ku Mzuzu imene ili ndi peji yakeyake, kampani imene imakutumizirani mauthenga a pa foni kwa makasitomala. Awa muwaimbire foni. Uthenga wolemba pa tsiku ngati limenelo umamira.

Nanga muimitse liti? Pa 10 Juni chilengezo choti ndege yasowa chinatuluka madzulo, pomwe chilengezo cha imfa chinabwera tsiku lotsatira. Ena amati tidikire chitsimikizo. Kudikira chitsimikizo n'koyenera musanalembe chipepeso, ndipo pamenepa musalakwitse: kupepesa imfa imene boma kapena banja silinalengeze ndi mlandu waukulu kuposa kutsatsa nsapato. Koma kuimitsa sikufuna chitsimikizo. Usiku umene anthu akugona ndi foni m'manja kudikira kumva ngati ndege yapezeka ndi usiku womwewo umene nthabwala yanu ikupweteka kwambiri.

Tsopano tiyerekeze sitolo ya zovala ndi zikwama mu Lilongwe, imene inali ndi kaloselo ya zithunzi zisanu ndi chimodzi ya tsiku la abambo. Yoyamba ili ndi mabuloni ndi mawu akuti "Mitengo yagwa!" Yachiwiri ndi malaya ndi mtengo wake. Yachitatu ndi nsapato. Yachinayi ndi chikwama cha pa ulendo, kumbuyo kwake kuli ndege ikukwera m'mitambo, ndi mawu akuti "Adadi auluke mwa sitayilo." Yachisanu ndi mpikisano: tchulani bambo anu mu ndemanga muwine. Yachisanu ndi chimodzi ndi nthawi yotsegulira ndi malo a sitolo. Kapushoni ili ndi tizithunzi ta moto ndi ta kuseka, ndipo pansi paikidwa nyimbo yovina.

Powerenga kaloselo yotere pali mafunso awiri osiyana, ndipo anthu amawasokoneza. Loyamba ndi lakuti kodi muli mawu kapena chithunzi chokhudzana ndi tsokalo? Silaidi yachinayi yagwa pomwepo. Palibe mawu amene angaikonze. Ichotsedwe, ndipo chikwamacho chidikire mwezi wina ndi chithunzi china. Yoyamba nayo ili ndi vuto lomwelo, chifukwa sabata imeneyo mawu a kugwa, kuphulika, kusowa ndi kupsa ali ndi tanthauzo limodzi lokha m'mutu mwa owerenga. Otsatsa malonda amakonda mawu amenewa kwambiri moti sawamvanso. Pa nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023, pamene matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, mawu oopsa anali ena: katundu wasefukira, mphatso zikuvumba, mitengo yakokoloka. Mndandanda wa mawu oletsedwa sungalembedwe kamodzi n'kusungidwa. Umalembedwa tsiku lomwelo, poona mawu amene ali pa mitu ya nkhani.

Funso lachiwiri ndi la kamvekedwe: ngakhale palibe chokhudzana ndi tsokalo, kodi positi ikupempha owerenga kuti asangalale? Apa ndi pamene silaidi yachisanu ikugwera. Mpikisano suli ndi mawu oipa, koma ukuitana anthu kuti aseke ndi kutchulana maina mu ndemanga pa sabata imene ana a anthu asanu ndi anayi akuika makolo awo m'manda. Komanso ndemanga zimene mukuitanazo zidzabwera, koma sizidzakhala zimene mumafuna. Nyimbo, mabuloni ndi tizithunzi ta moto zili m'gulu lomweli.

Zotsala ndi malaya, nsapato ndi nthawi yotsegulira. Izi ndi uthenga chabe: tili ndi chakuti, mtengo wake ndi uwu, timatsegula nthawi yakuti. Kaloselo ya zithunzi zisanu ndi chimodzi yasanduka ya zinayi, poonjezera chikuto chatsopano chopanda mabuloni cholembedwa kuti "Mphatso za abambo: malaya ndi nsapato." Kapushoni ikhale ziganizo ziwiri zopanda mfuu. Ndipo ine ndikanati ituluke Lachisanu, itapuma Lolemba madzulo mpaka Lachinayi, ndipo Lamlungu la mwambo wa maliro ndi Lolemba loika m'manda ku Nsipe peji ikhale chete. Inde, zikutanthauza kuti pa tsiku lenileni la abambo sitoloyo siinena kanthu za abambo. Amene amafuna malaya anali atagula kale Loweruka.

Pokonza pali misampha ing'onoing'ono imene imaulula kuti ntchito inachitika mothamanga. Mukachotsa silaidi imodzi, manambala a pa ngodya amatsala akunena 3/6 kenako 5/6. Chithunzi chimene chinadulidwa pakati kuti chipitirire pa silaidi yotsatira chimatsala theka. Kapushoni imanenabe kuti onani chithunzi chachinayi. Mawu ofotokozera chithunzi kwa osaona, Alt text, amatsala akale. Tsiku lothera kutsitsa mitengo limene linadindidwa pa chithunzi limakhala litadutsa pomwe positi ikutuluka. Ndipo ngati fayilo yoyambirira ili mu laputopu ya wojambula amene wapita kumudzi, palibe chimene mungasinthe. N'chifukwa chake mafayilo osinthika, kaya a Canva kaya a pulogalamu ina, ayenera kukhala pamalo amene anthu osachepera awiri angawatsegule.

Ngati kaloselo yatuluka kale, njira zimachepa. Pa Instagram mutha kusintha kapushoni ndi kuchotsa silaidi imodzi bola patsale ziwiri, koma simungalowetse chithunzi chatsopano m'malo mwa chakale. Pa LinkedIn kaloselo ndi fayilo ya PDF, ndipo ikatuluka simungaisinthanitse ndi ina. Choncho ngati vuto lili pa chikuto kapena pa kamvekedwe ka positi yonse, gwiritsani ntchito Archive pa Instagram, imene imabisa positi osataya ndemanga ndi ziwerengero zake. Ngati anthu anali atayamba kale kudandaula, lembani chiganizo chimodzi: positi ija inaikidwiratu nkhaniyi isanamveke, taichotsa, pepani. Musakangane nawo, ndipo musafufute ndemanga zawo kusiya positi ili pomwepo, chifukwa amene wafufutidwa amabweranso ndi anzake.

Pali zotsutsa zimene ndimazilemekeza, ndipo chachikulu ndi cha ndalama. Masiku 21 ndi milungu itatu. Wogulitsa makeke pa Facebook amene lendi yake imachokera ku maoda a sabata imeneyo sangatseke pakamwa milungu itatu, ndipo amene amamuuza kutero amalandira malipiro pa mwezi. Ndikuvomereza, ndipo sindikunena kuti peji ikhale chete nthawi yonse ya maliro a dziko. Kwathu kukagwa maliro amayala masamba pa msewu. Wapanjinga amatsika n'kuyenda pansi, wagalimoto amachepetsa liwiro, woyandikana nawo amatsitsa wailesi, koma msewu sutsekedwa ndipo golosale imagulitsabe sopo ndi shuga. Chimene chikufunika pa peji ndi chomwecho. Masiku oti mukhale chete kwathunthu ndi ochepa ndipo amadziwika: tsiku la chilengezo, lotsatira lake, ndi masiku a mwambo wa maliro. Pakati pake malonda ayende ndi mawu otsika. Mipikisano, nthabwala ndi zovina ndizo zidikire mpaka masiku olira atha.

Chotsutsa china ndi cha amene amalipira malonda, kuti kuzimitsa kampeni kumasokoneza kayendedwe kake. Zoona zake n'zakuti kuimitsa kwa masiku awiri kapena atatu sikuwononga zambiri. Meta imabwezera gulu la malonda ku gawo lophunzira, Learning, likaima masiku 7 kapena kuposerapo, kapena mukasintha zithunzi ndi mawu ake, ndipo zosinthazo zimadikiranso kuunikidwa zisanayambe kuoneka. Choopsa chenicheni chili pa bajeti. Tinene kuti munaika madola 70 pa kampeni ya masiku 7 ngati Lifetime budget, bajeti ya nthawi yonse ya kampeniyo. Yayenda masiku awiri, yadya pafupifupi madola 20, mwaimitsa masiku atatu. Mukayatsa osasuntha tsiku lothera, madola 50 otsalawo ayesa kutha m'masiku awiri, ndiye kuti madola 25 pa tsiku m'malo mwa 10. Malonda anu afuula kawiri ndi theka kuposa kale pa nthawi imene mumafuna atsike mawu. Musanayatse, sunthani tsiku lothera kapena chepetsani bajeti.

Ena amati sitingaime pa tsoka lililonse, chifukwa dziko lapansi silisowa maliro. Izinso n'zoona, ndipo muyeso wake si kukula kwa nkhani pa wailesi zakunja. Muyeso ndi anthu amene amaona peji yanu. Tsegulani Insights muone mizinda imene otsatira anu ali. Pa nthawi ya Freddy, peji imene otsatira ake ambiri ali ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe inkalankhula ndi anthu amene akufukula abale awo m'matope. Ngati malonda anu olipira amalunjika madera osiyanasiyana, mutha kuchotsa maboma okhudzidwawo n'kusiya ena akuyenda, ngakhale kuti boma litalengeza masiku 14 olira, kamvekedwe kanayenera kutsika paliponse. Mbali inayi ndi yofunikanso: kampani ya ku Johannesburg kapena ku London imene imatsatsa kwa Amalawi, monga yotumiza ndalama kumudzi, iyenera kukhala ndi munthu amene amatsatira nkhani za kuno ndipo ali ndi mphamvu yozimitsa. Apo ayi ofesi imamva za tsoka kudzera m'ndemanga zaukali.

Pali mapeji amene sayenera kuima konse, koma kusintha zimene akunena. Banki, kampani ya mafoni, ya mabasi, famase ndi chipatala, pa nthawi ya madzi osefukira anthu amazifuna kuposa kale. Kaloselo ndi chida chabwino pa ntchito imeneyi: silaidi imodzi nthambi zimene zatsekedwa, ina misewu imene mabasi sakudutsa, ina nambala yoimbira. Koma pa silaidi iliyonse padindidwe tsiku ndi ola, chifukwa chithunzi chonena kuti mlatho wadulidwa chimazungulirabe patapita sabata mlatho utakonzedwa. Uthenga umene ukusintha pa ola lililonse ulembedwe ngati mawu wamba osinthika, osati pa chithunzi.

Za chipepeso ndinena mwachidule. Chikhale chithunzi chimodzi, osati kaloselo. Pasakhale mtengo, nambala ya oda, kapena chizindikiro cha kampani chachikulu kuposa dzina la womwalira. Maina ndi maudindo aonedwe ndi anthu awiri, ndipo pa ngozi imene yapha anthu angapo musatchule wamkulu yekha ngati kuti enawo anali katundu. Musachilipirire kuti chifike kwa ambiri. Ndipo si peji iliyonse imene iyenera kulemba; kukhala chete sikunyoza.

Kuyambiranso ndi kumene kumafuna mutu wa bwana, ndipo kuli ndi msampha wake wa makina. Mu mapulogalamu a mzere ngati Buffer, zimene zinaima zimangosunthira m'mipata yotsatira mukayatsa, choncho kaloselo ya tsiku la abambo itha kutuluka pa 19 Juni, tsikulo litadutsa. Musanadine Resume, werengani mzere wonse kuyambira pamwamba, silaidi ndi silaidi, muchotse zimene nthawi yake yapita. Yambani ndi positi imodzi ya uthenga chabe, muone ndemanga za maola angapo oyamba, kenako muonjezere. Muonenso nkhani m'mawa uliwonse, chifukwa tsoka limabala lina: usiku wa pa 16 Juni galimoto ya pa mdipiti wa maliro inagunda anthu ku Ntcheu ndipo ena anamwalira, ndiye amene anakonza zoyambiranso atangomva kuti mwambo wa pa Bingu watha anayenera kudikiranso. Masiku olira anatha pa 1 Julaye, ndipo pa 6 Julaye dziko linkakwanitsa zaka 60 lili pa ufulu wodzilamulira. Makaloselo a chikondwerero chimenecho amene anajambulidwa mu Meyi anafunika kutsegulidwanso ndi kuwerengedwa ndi maso a Julaye asanaloledwe kutuluka.